Tulo ta a Chimbalanga Kuseri kwa Gome

A Enock Chimbalanga anakhala akugona m'tchalitchi kwa zaka zambiri popanda wowadziwa, ndipo akanakalamba ndi ulemu wawo ikanapanda kubwera webusaiti.

Tisawaweruze msanga. Bambowa anali mlonda pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay. Loweruka lililonse ankachezera kuzungulira mpanda ndi tochi, kukacha n'kusamba m'maso, kuvala jekete ndi kulunjika ku mpingo wa Betisaida, kumene anali mkulu wa mpingo. Akulu a mpingo ankakhala kutsogolo moyang'ana anthu, koma mpando wa a Chimbalanga unali kuseri kwenikweni kwa gome lolalikirapo, gome la mbawa lotambalala ngati chitseko cha golosale. Abusa akangotsegula Baibulo, iwo ankatseka maso. Chowadzutsa chinali nyimbo ya zopereka, ndipo ankadzuka ndi "Ameni" wamphamvu kuposa wa munthu wina aliyense.

Mpandowo ankaukonda kuposa njinga yawo. Kuloji anali chabe munthu wotsegula geti, amene alendo ankamudutsa osamuyang'ana. Kutchalitchi anali "Akulu", ndipo amayi a chigwirizano ankawagwadira powapatsa moni.

Webusaiti ija anaiyambitsa ndi Kettie, mlembi wa mpingo, amene ankagwira ntchito yolandira alendo pa loji yomweyo. Ganizo lake linali labwino. Theka la mpingo ndi anthu a m'maloji ndi m'mahotela, ndipo Lamulungu ndiye tsiku limene alendo ochokera ku Lilongwe amafuna chambo, matawulo ndi chenji nthawi imodzi, ndiye ambiri kutchalitchi saoneka. Choncho anakonza tsamba lokhala ndi kalendala ya zochitika, malo a maulaliki, ndi pena polembedwa manambala otumizirapo chopereka pafoni kapena kubanki. Lamulungu ankaimika foni yake pa kachitsulo ka miyendo itatu cha kukhoma la kumanzere, pamene panali soketi. Lolemba ankakweza kanemayo pa intaneti ya kuloji, n'kuikanso mawu okhaokha kuti a bandulo yochepa azimvera.

Tsoka lake, kuchokera kukhoma la kumanzere gome lija silinkabisa kanthu.

Anayamba kuwauza ndi wophika wa kuloji. "Akulu, mwatchukatu," anatero akuwapatsira foni. "Taonani apa."

A Chimbalanga anaona Abusa akutuluka thukuta, akufotokoza za mkazi wa Loti. Kumbuyo kwa chigongono chawo kunali munthu wovala jekete lodziwika bwino, mutu utagwera paphewa, kukamwa kuli yasa. Mutuwo unkatsika pang'onopang'ono, n'kudzidzimuka, n'kuyambanso ulendo.

"Ndinkapemphera," anatero a Chimbalanga.

"Pemphero lake lalitali," anayankha wophikayo. "Lafika mpaka kumapeto."

Anathamangira kwa Kettie pa kauntala. "Mayi mlembi, chifufuteni chimenechi!"

"Ulaliki wa Abusa ndiufufute, Akulu?"

"Ayi, mundifufute ineyo."

Kettie anawafotokozera mofatsa kuti akadula mbali imene iwo ali, adulanso dzanja la Abusa, ndipo Abusawo amalalikira ndi manja. Kusamutsira foni kukhoma la kumanja sikukanatheka, chifukwa ikanayang'anizana ndi zenera la kum'mawa, ndiye Abusa akanangooneka ngati chithunzithunzi chakuda. Kenako anawatsegulira kalendala n'kuloza Lamulungu lomaliza la mweziwo, pamene panalembedwa kuti Chisankho cha Akulu a Mpingo.

"Si ine ndanena," anatero Kettie. "Koma Abusa anafunsa ngati kanemayu amaoneka chimodzimodzi pa foni iliyonse."

Apa mantha anawagwira a Chimbalanga. Mpingo umakhululuka zambiri, koma sungavotere munthu amene asodzi omwe, akabwerako ku chilumba cha Mbenji n'kupeza netiweki, akumuonera pagulu n'kumabetcherana kuti mutu ugwa pa vesi iti.

Lamulungu lotsatira anabwera atakonzeka. M'thumba la jekete munali tsabola wa kambuzi wothyola kumene. Abusa atangotchula mutu wa ulaliki, iwo anaponya mmodzi m'kamwa n'kutafuna. Misozi inayamba kutsika, mphuno nayo sinafune kutsalira. Anapukuta m'maso ndi zala zomwe zinagwira tsabola zija, ndipo zimene zinatsatira muzidziwa nokha. Lolemba anthu anaona mkulu wa mpingo akulira mosisima pa ulaliki wonena za kukonza denga la tchalitchi. Mayi wina wa ku Chinguluwe anakhudzidwa, anatumiza chopereka chake n'kuimbira Kettie kuti ngati Akulu akulirira denga choncho, ndiye kuti likudonthadi. Koma amene anaonera mpaka kumapeto anaona misozi ikuuma, mutu n'kuyamba ulendo wake wa masiku onse.

Tsabola atalephera, a Chimbalanga anakhala pansi n'kuganiza mofatsa. Tulo ndi tomweto, anatero mumtima, nkhani ndi ya malo ogonera basi. Loweruka lotsatira, alendo atalowa m'zipinda zawo, anakoka benchi kuseri kwa nyumba ya jenereta, n'kufunda chikhoti, n'kugona mpaka tambala. Palibe chimene chinabedwa. Ngakhale galu wa pa loji sanawaneneze.

M'mawa mwake analowa m'tchalitchi ngati mnyamata. Anamva ulaliki wonse kwa nthawi yoyamba chiikidwireni pa mpandowo, ndipo anadabwa kuti Abusa amalankhula zanzeru. Anagwedeza mutu pamalo oyenera, anatsegula Baibulo pa chaputala chimene chinatchulidwa, anaponyanso "Zoona!" kangapo akuyang'ana foni ija m'maso. Anthu potuluka anawagwira chanza mwaulemu, Abusa anawasisita paphewa. Anapita kwawo akuimba mluzu.

Lolemba madzulo, atangofika pa geti, anamva kuti akufunidwa ku ofesi.

Manejala wa lojiyo anali Mayi Joyce, nawonso a mpingo wa Betisaida, koma a gulu lija losaoneka Lamulungu. Ankapemphera Lolemba pa kompyuta, chakhumi n'kutumiza pafoni. A Chimbalanga anawapeza ataimitsa kanema pamalo pamene nkhope yawo inali kuwala, maso ali gwa.

"Khalani pansi, a Chimbalanga. Dzulo munadalitsika?"

"Kwambiri, bwana."

"Ndaona. Ulaliki wonse osaphethira." Mayi Joyce anavula magalasi. "Ndiye tandiuzani, Loweruka munagona kuti?"



"Ine chiyambireni webusaitiyi ndimagona mtima uli m'malo," anapitiriza mayiwo. "Lolemba lililonse ndimatsegula, ndikaona mutu wanu ukugwa ndimati, Ambuye alemekezeke, mlonda wanga anachezera. Alonda enawa ndilibe powaonera. Inu nokha ndinali ndi umboni. Lero ndatsegula, ndapeza munthu wogona bwino, wonyezimira, akuyankhira Abusa!"

"Mwina ndi mphamvu ya Mzimu, bwana."

"Mzimu umenewo unasiya benchi kuseri kwa jenereta."



"Sindikuchotsani lero, ndinu munthu wamkulu," anatero Mayi Joyce. "Koma ndikadzakuonaninso muli maso Lamulungu, Lolemba lake mudzabweze tochi ndi yunifomu."

Anayesa kupempha kuti azipuma Loweruka, koma Loweruka ndiye tsiku limene loji imadzaza ndi galimoto za alendo, ndipo mlonda mnzawo anali wa mpingo wa Sabata. Nkhani inathera pomwepo.

Sabata yonseyo a Chimbalanga anayenda ngati munthu wodwala mutu. Akagona m'tchalitchi, mpingo uwachotsa pa mpando. Akakhala maso, ntchito yatha, ndipo mpando wa mkulu wa mpingo sugula ufa. Anakwiyira Kettie, anakwiyira amene anaika soketi kumanzere, anakwiyiranso mmisiri amene anapala gome losazungulira mbali zonse. Lachisanu anapita kwa Abusa n'kunena kuti dzina lawo lisakhalepo pa chisankho, akufuna kupereka mpata kwa achinyamata. Abusa anavomera mofulumira kwambiri, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa tsabola uja.

Lamulungu la chisankho analowa mochedwa, ali wera. Kunena zoona, mtima unawapweteka poona munthu wina atakhala kuseri kwa gome lawo, atapinda miyendo ngati kwawo. Anafunsa Kettie monong'ona kuti ndi pati pamene foniyo siona.

"Kumbuyo kwake, Akulu. Khalani apa pomwepa."

Anakhala pa benchi yoyandikana ndi kachitsulo kaja, foni ili pafupi ndi khutu lawo, n'kutsamira khoma. Panalibe wowagwadira, panalibe wowayang'ana. Anati alire, koma tulo tinawapeza misozi isanafike.

Lachiwiri masana foni yawo inalira. Anali Triza, mwana wawo wamkazi, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba ndipo papita nthawi asanabwere kumudzi.

"Ababa, muli bwanji? Mwandiopsatu!"

"Ndakuopsa bwanji, mwana wanga?"

"Ndatsegula webusaiti ya mpingo, pa mpando wanu pali munthu wina. Ine ndimagula bandulo sabata iliyonse kuti ndikuoneni inuyo, mukuganiza kuti ndimafuna ulaliki? Ndikakuonani mukusinza ndimadziwa kuti ababa ali bwino, angotopa. Ndiye lero osakuonani! Ndinati mwina mwagonekedwa m'chipatala, akundibisira. Ndinayamba kulira m'khitchini mwa eni ake."

A Chimbalanga sankadziwa kuti manyazi awo onse aja panali wina amene ankawadikira ndi chimwemwe. "Usalire, Triza. Ndinasiya ukulu, ndimakhala pakati pa anthu tsopano. Sudzandionanso pamenepo."

"Ndadziwa kale kuti munalipo," anatero Triza, ndipo anayamba kuseka kwinaku akufwenthera. "Abusa atangowerenga vesi, munayamba mkonono. Ababa, Abusa sakumveka n'komwe! Ulaliki wonse ndi inuyo. Ndamvera kawiri."

A Chimbalanga anayang'ana pansi, foni ili kukhutu. Kenako anakhosomola.

"Mkononowo ukumveka bwinobwino?"

"Ngati muli m'chipinda chinachi, ababa."

"Chabwino," anatero. "Lamulungu ndikakhala pomwepo."