Mzere Umene Mlembi Anakana Kuchotsa

Mlembi wa pachipatala china analemba kalata yoitana odwala kudzayezetsa shuga. Bwana anaibweza itafiira ndi inki, ngati apherapo nkhuku. Zokonza zinalipo makumi awiri!

Mayiyo sanachite makani. Tsiku lolakwika anakonza, ziganizo zazitali anadula. Koma bwana anali atakhwatchanso mzere wakuti "mubwere musanadye kanthu", n'kungolemba pambali kuti "Yatalika!"

Mlembi anamatapo kapepala: "Bwana, zonse ndalandira kupatula chimodzi. Tikachotsa mzerewu, anthu adzabwera atakhuta, ndipo tidzawabweza osawayeza. Kuti ifupike, bwanji ndidule moni wa mizere itatu amene mwawonjezera uja?"

Bwana anawerenga, n'kukanda dazi lawo.

"Dulani moniyo, mayi," anatero. "Koma ndiye anali wokoma, inu."