Batire ya Laputopu ya a Lizzie

Fraser atalembedwa ntchito ku ofesi ya bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi, anapeza laputopu imodzi yokha, yakale, yothyoka pakona. Ankaigwiritsa ntchito anali a Lizzie Namakhwa, kalaliki amene anakalambira mu ofesi momwemo. Fraser anali atangobwera kumene ndi satifiketi ya zamakompyuta kuchokera ku Blantyre, ndipo ataitsegula anaseka. Sikirini inali yamdima, zilembo zikuluzikulu zosaoneka bwino m'mbali mwake.

"Bwana, makinawa anawasokoneza ndani?" anafunsa a Bizwick, manijala wawo, mokweza kuti aliyense amve. "Izi ndiye zakumudzi zenizeni."

A Lizzie anali atapita ku Boma tsiku limenelo. Fraser anakweza kuwala mpaka kumapeto, nabwezera pamwamba rifireshi reti ndi rezolushoni, yomwe ikakwera zilembo zimachepa n'kusalala. Sikirini inawala ngati yatsopano, a Bizwick mpaka anamuyamikira.

M'mawa mwake linali tsiku lolembetsa ofuna mbande za tiyi. Mlimi aliyense ankayenera kujambulidwa ndi kamera ya laputopuyo, fomu yake n'kutumizidwa pa intaneti ya pafoni. Anthu anafika nkhungu isanachoke m'minda ya esiteti, ena wapansi kuchokera ku Changata. Isanakwane 8 koloko magetsi anathima, monga mwa masiku onse.

A Lizzie sanadandaule. Anakhala pakhonde pomwe panali mzere, nayamba kulemba. Sikirini anaiona kuti yasintha, koma anthu anali atawaunjirira, ndiye anangoti akonza akapuma. Atalemba anthu khumi ndi asanu ndi anayi, laputopu inachenjeza kamodzi n'kuzima. Batire yake inali yotha kale, ikafika pa 20 peresenti inkangogwa.

"Masiku onse imafika mpaka masana," anatero a Lizzie, akudinadina batani.

Pamzere panatsala anthu oposa makumi atatu. Mkulu wina, a Yesaya, amene anabwera akutsimphina ndi ndodo, analankhula mosabisa.

"Amayi inu mwakula. Bwanji osamusiyira mnyamata wophunzirayu? Tayenda mtunda wonsewu kudzaonerera inu mukulimbana ndi mabatani?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. A Bizwick nawo anati, "Mayi Namakhwa, dzulo lomweli Fraser waikonza. Mwaitaninso?"

A Lizzie anamuyang'ana Fraser kamodzi kokha. Kenaka anaimirira, napepesa anthu, kuwapempha kuti adzabwerenso mawa. Fraser anangoti zyoli, makutu akutentha. Anaona a Yesaya akutsika chitunda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya tiyi.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko. Fraser anawapeza a Lizzie okha, atalumikiza chaja.

"Madamu, ndinasintha ndine."

"Ndinadziwa, achimwene. Khalani apa."

A Lizzie anatsitsa kuwala mpaka pafupi ndi pansi. "Chimadya batire kwambiri ndi ichi, nyali imene ili kuseri kwa sikirini. Mukaitsitsa mwapulumutsa zambiri. Ndiye ndimakhala mkati, kutali ndi windo, kuti ndizionabe. Lero ndinakhala pakhonde chifukwa inkaoneka bwino, osaganiza."

Anatsegula pa rifireshi reti, pomwe panali 60 ndi 48 basi. Anasankha 48. "Apa ndiye kuti chithunzi chikubwerezedwa maulendo 48 pa sekondi. Pa mafomu simungaone kusiyana. Imapulumutsa pang'ono, koma pang'onopo ndi anthu awiri kapena atatu."

"Nanga rezolushoni?" anafunsa Fraser motsitsa mawu. "Ku koleji anatiuza kuti siithandiza kwenikweni."

"Sananame. Nyali ija imayakabe chimodzimodzi, kungoti makina amapepukidwa pang'ono. Ine ndimaitsitsa makamaka chifukwa cha masowa. Sikirini ikakhala yamdima, tizilembo tating'ono sindimationa." Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya chitenje. "Mukanangondifunsa."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka Fraser kuposa kukalipidwa.

M'mawa mwake magetsi anathimanso. Analowetsa tebulo mkati, anthu n'kumalowa awiriawiri. Fraser anaima pakhomo, nakonza kukhosi.

"Makolo anga, dzulo munabwerera chifukwa cha ine. Ndinasintha zinthu zimene amayiwa anatchera dala kuti batire izikhalitsa. Iwowa sanalakwe."

A Bizwick anakanda m'mutu, nalowa mu ofesi mwawo. Mayi wina anati, "Chabwino, tamva, tiyeni tiziyamba."

A Lizzie analemba onse, laputopu n'kuzima atangotumiza fomu yomaliza. Koma a Yesaya sanabwere. Mnansi wawo anati mwendo unatupa ndi ulendo wadzulo. Kalembera ankatsekedwa Lachisanu.

Lachinayi m'mamawa Fraser anaika laputopu yodzaza m'chikwama, nabwereka njinga ya mlonda. A Lizzie anamulembera papepala njira ya kwa a Yesaya, namukumbutsa kuti akafika asakaitsegulire padzuwa, akapemphe kulowa m'nyumba. Njira yonse ankayeserera mawu oti akanene kwa mkulu uja, koma palibe amene ankamveka bwino.