Mphindi Khumi Kukafika Kusukulu

Bambo wotsatsa nyumba anakhala pakhonde pathu ndi laputopu, akulemba chilengezo chogulitsira nyumba yathu.

"Zipinda zogona zitatu, dimba kuseri, basi imaima pafupi. Nanga sukulu yatalikira bwanji, mayi?"

"Mphindi khumi, mayendedwe a mwana. Koma mulembenso kuti amawoloka msewu waukulu wopanda mizere yowolokera."

"Zimenezo zithawitsa ogula, mayi."

"Athawe! Inu lembani."

Anayang'ana kudimba, komwe mwamuna wanga ankamasula katungwe wa mwana wathu pamtengo. Chikwama cha sukulu cha mwanayo tinakachitenga kupolisi chaka chatha, atagundidwa pamsewu womwewo. Bamboyo analemba osatsutsanso.

"Ndilembenso kuti kulibe phokoso?" anafunsa motsitsa mawu.

"Lembani," ndinatero. "Pamenepo simunama. Masiku ano kuli zii."