Lamulo Lachitatu la Pafiriji

Uthenga unamupeza Wasaluni akuluka tsitsi la kasitomala yekhayo wa tsikulo. Unachokera kwa Namwino, mnzake wochita naye lendi nyumba imodzi.

"Asisi, mayunitsi a magetsi atsala asanu, bilu ya madzi nayo yabwera. Mwezi wachiwiri uno ndikulipira ndekha. Madzulo tikhale pansi tigwirizanenso malamulo a m'nyumba. Pakadali pano ndatsata lamulo lachitatu."

Wasaluni anawerenganso uthengawo. Lamulo limeneli ankalidziwa bwino, poti analilemba ndi dzanja lake. Chaka chatha malipiro a Namwino atachedwa, Wasaluni anamata pepala pachitseko cha firiji: wosalipira magetsi asaikemo kanthu. Nyama ya mnzakeyo anaitulutsa, inaolera pasinki iye akuseka pafoni. Masiku amenewo saluni inkadzaza, matama ali tho, ndipo matenda a shuga anali asanamupeze.

Tsopano m'firijimo munali timabotolo titatu ta insulini, togula ndi ndalama zomwe zikanapita ku magetsizo. Mankhwala amenewa akapsa ndi dzuwa amasanduka madzi chabe. Ndalama zogulira ena analibe.

Anasiya kasitomala mutu uli theka, nathamanga.

Anapeza Namwino akusita yunifolomu pabalaza, akuimba kanyimbo chapansipansi. Firiji inali yomangidwa tcheni ndi loko watsopano. Timabotolo tija tinali pawindo la kukhitchini, tondandalikidwa bwinobwino pamene dzuwa la masana limawomba. M'nyumba monsemo munali mithunzi yambirimbiri, koma munthu wophunzira za mankhwala anasankha pamenepo.

"Asisi, inu ndinu namwino," anatero Wasaluni. "Mukudziwa chimene mwachita."

"Ndatulutsa katundu wa munthu wosalipira. Kodi si mmene pepala likunenera?"

"Imene ija inali nyama. Uwu ndi moyo wanga."

"Nyama ija itaola ndinakhala sabata yonse wopanda ndiwo." Namwino anatembenuza kolala, napitiriza kusita. "Khalani pansi, ndalemba kale. Simbi ndi ketulo, wolipira yekha. Kuchapa, kawiri pa sabata. Ndalama za mayunitsi ndi madzi, tsiku loyamba la mwezi. Sayinani m'munsimo."

Wasaluni anakhala. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo, chifukwa ngakhale mawu amenewa, "sayinani m'munsimo", anali ake a chaka chatha. Anatenga cholembera.

"Lachitatu la pafiriji lija tilichotse, chonde. Ndinalakwa."

Namwino anaimika simbi, namuyang'ana ndi chifundo chimene amaonetsa odwala a anthu ena.

"Ayi, asisi, limenelo likhale. Munaliganiza bwino kwambiri."

Wasaluni anasayina. Kenako anapita kuwindo natola kabotolo kamodzi. Kanali kotentha ngati kapu ya tiyi. Ola lobaya jakisoni linali litayandikira, ndipo anakafumbatabe m'manja, ngati kuti kangazizire mmenemo.