Mawashala Awiri M'chitini cha Mabatani

Geti lathu linakhala chitsegukire kuyambira tsiku la maliro a amayi. Anthu analitsegula kuti galimoto ya bokosi ilowe, ndipo kwa miyezi itatu ya mvula tinkangolimanga ndi waya. Bambo anaphunzira kumasula wayayo. Ali ndi matenda oiwala kuyambira amayi ali moyo, ndipo m'mawa uliwonse amafuna kupita kukachingamira amayi kokwerera basi. Lachiwiri tinawapeza kutsidya kwa msewu waukulu, nsapato imodzi palibe.

Loko sitingaike. Tinayesapo, bambo ataiona anamenya geti ndi manja mpaka magazi. Choncho panatsala mpiringidzo, kachitsulo kotsetsereka kaja, kamene dzimbiri linali litakagwira gwa.

“Tiyeni a injiniya,” anatero mlongo wanga wamkulu, atakhala pakhonde ndi beseni la zochapa. “Zaka ziwiri za ku koleji zija zioneke lero.”

“Chaka chimodzi ndi theka.”

“Ndiye mukonza theka lokha?”

Koleji ndinaisiya amayi atagonekedwa m'chipatala, ndipo iye amadziwa. Kuseka kwathu masiku ano n'komweko.

Ndinapala dzimbiri la pamwamba ndi bulashi ya waya, n'kudonthezera palafini m'timphete timene mpiringidzo umadutsamo. Ndinadikira ola lathunthu kuti alowerere. Kenako ndinagunditsa kathabwa kunsonga, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi hamala, uku ndikugwedeza chogwirira m'mwamba ndi pansi. Munatuluka madzi ofiira ngati tiyi. Ulendo wachitatu mpiringidzo unasuntha, n'kulira ngati khoswe. Ndinaukwecha ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera, ndinapukuta, n'kupaka girizi pang'ono.

Unayamba kuyenda bwino, koma nditatseka geti sunalowe m'bowo la pamzati. Unkagunda m'munsi mwake, kuphonya ndi mpata wosakwana chala. Geti linali lotsika.

Apa m'pamene ndinadabwa. Pansi pa bowolo panali pokumbika, pogundidwa kambirimbiri. Kutsikaku sikunali kwa miyezi itatu ayi. Nanga amayi, munthu wochepa thupi uja, ankatseka bwanji tsiku ndi tsiku? Ndinagwada. Kunsi kwa chitsulo cham'munsi cha geti penti inali itatha pamalo amodzi, kukula kwake ngati nsonga ya nsapato. Ndinalowetsa phazi pamenepo, ndinanyamula pang'ono, mpiringidzo unalowa khethe. Nditachotsa phazi, geti linaupanikiza, osatheka kuukoka.

“Moti zaka zonsezi ankanyamula geti ndi mwendo?” ndinafunsa. “Ana awiri m'nyumba, osanena?”

“Ukanamva iwe? Unali m'mabuku.”

Zinandiwawa. Mankhwala ake anali osavuta: kuika mawashala, tizitsulo tozungulira tokhala ndi bowo pakati, pa misomali ya mahinjesi kuti geti likwere. M'bokosi la zida munalibe. Mlongo wanga anati ndiyang'ane m'chitini cha mabatani cha amayi, poti ankatayamo chilichonse. Pansi penipeni ndinapeza mawashala awiri okhuthala, omangidwa pamodzi ndi ulusi. Sanali atsopano. Lililonse linali ndi mzere wozungulira wonyezimira, wodyeka ndi kulemera.

Tinalowetsa thabwa pansi pa geti, mlongo wanga anaponda, geti linazuka pa misomali yake. Mawashala analowa ngati kwawo. Titabwezeretsa geti, mpiringidzo unalunjika pakati penipeni pa bowo. Ndinautseka ndi chala chimodzi, n'kutsegula, n'kutsekanso.

“Koma anyamata mwayesetsa,” anatero mlongo wanga. “Theka linalo tikhululuka.”

Ine maganizo anali pa mawashala aja. Anachoka pageti lomweli, zimenezo zinali zoonekeratu. Washala siligwa lokha, geti lonse limakhala pamwamba pake. Wina anachita kuwachotsa, n'kuwamanga ndi ulusi.

Ndikusamba m'manja pampopi, bambo anatuluka atavala jekete ndi chipewa. Atafika pageti anaima, n'kuyamba kuligwedeza monga mwa chizolowezi cha munthu amene amadziwa kuti silitseguka. Kenako anagwira mpiringidzo. Unatsetsereka wokha. Anauyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira.

“Wakonza ndani?” anafunsa. “Ameneyu ndi mmisiri. Mkazi wanga wakhala akundiuza kuti palibe angalithe.”

Ine ndi mlongo wanga tinayang'anizana. Kani mawashala aja anachotsa ndi amayi, kuti bambo asamatuluke. Sopo anali akadali m'manja mwanga.

“Bambo, mukupita kuti?”

“Kukachingamira mayi ako. Abwera ndi katundu wolemera.”

Anali atatuluka kale. Ndinapukutira manja m'buluku, n'kuwathamangira. Pageti ndinacheuka.

“Thabwa lija usalichotse. Tikabwerako tizulanso geti, mawashala achoke.”

“Ntchito yonse ija?”

“Girizi akhala.”

Bambo anandigwira pamkono kuti ndisagundidwe ndi njinga, n'kundifunsa ngati mayeso ndinakhoza. Ndinati zotsatira sizinatuluke. Tinayenda mpaka kokwerera basi, tinakhala pabenchi. Basi yachinayi itadutsa, anati akumva njala, tizipita kwathu.