Tulo ta Mónica

Mónica anali ndi zaka zinayi, koma diresi limene anamusokera pa Natale, Khirisimasi ya chaka chatha, linkamukwanabe ngati lasokedwa dzulo. Chakudya m'nyumbamo sichinkasowa. Nyemba zinalipo, kachewere analipo, nkhuku zinkaikira. Koma mwana ankangotola pang'ono n'kukankha mbale.

Amayi ake, a Rufina, anapita naye ku posto, kachipatala ka m'deralo, Lachisanu. Anamwino a Alzira anamuika pa sikelo, anamuyeza msinkhu ndi magazi, anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, kenako anafunsa kuti wadwala zotani chaka chino.

"Malungo kawiri. Kutsegula m'mimba sindiwerenga. Tsopano chifuwa."

"Mwana akadwala, thupi limasiya kumanga n'kupita kunkhondo," anatero a Alzira. "Akachira amabweza zimene anataya, koma uyu asanabweze, nthenda ina yafika. Nanga amagona bwanji?"

A Rufina anafotokoza zonse. Amuna awo, a Sérgio, anamanga baraka yogulitsiramo mowa mophatikiza ndi nyumba, ndipo koluna, chimkuzamawu chachikulu ngati mbiya, inatsamira khoma limene Mónica ankagona kuseri kwake. Oledzera akayamba ndewu, kapena a Sérgio akalowa akukalipa, mwana ankadzidzimuka n'kukabisala kuseri kwa matumba a chimanga, kunja kwa neti, kumene udzudzu unkamudikira.

"Amayi, thupi limatulutsa kwambiri zokulitsa mwana akagona tulo tofa nato," anatero a Alzira atamva zonsezi. "Ndipo mwana wokhalira mantha sadya bwino, sagona bwino, kukula kumachedwa. Si mochedwa ayi. Koma phala lokha silingathe."

Lamulungu, atachoka ku Misa ku Fonte Boa, a Rufina anapeza apongozi awo, a Gracinda, atakhala pakhonde ndi botolo la mizu. A Sérgio anali pambali, akupukuta mabotolo a mowa.

"Make Mónica, tisazungulire," anatero a Gracinda. "Mwanayu ndi tsempho. Mwana sapinimbira chonchi popanda kholo loyenda njira zam'mbali. Mwana wanga ndamufunsa, wakana. Watsala ndiwe. Ulule, timumwetse izi."

Pa zaka zonse za ukwati wawo a Rufina anali asanawayankhepo apongozi mokweza. Mkate wa paguwa unali usanaiwalike pa lilime lawo, ndipo anaona kuti pakamwa pomwepo sipangatuluke bodza lodzinamizira kuti pakhale mtendere.

"Amayi, Mulungu amene amawerenga tsitsi la mwanayu akudziwa kumene mapazi anga apita: kudimba, kuchitsime, kutchalitchi. Mizu imeneyo samwa."

"Iii! Wayamba liti mwano?"

"Lero. Tsempho lake ndi ilo." Analoza koluna. "Inu mumagona kutsidya kwa mtsinje. Bwerani mudzagone kuseri kwa khomali Loweruka limodzi, muone ngati simudzafupika."

A Adelino, kasitomala amene anali atafika kale ngakhale dzuwa linali pamutu, anaseka mpaka kutsamwa. "A Gracinda akafupikanso tidzawafuna ndi tochi!"

"Khalani chete inu!" anakuwa a Sérgio, n'kutembenukira kwa akazi awo. "Baraka imeneyi ndi imene imakudyetsani. Ukufuna ndigulitse mowa ngati pamaliro?"

Mónica, atamva mawu a bambo ake akukwera, anagwira chitenje cha amayi ake n'kubisamo nkhope.

"Tamuonani, bambo a Mónica. Simunamumenye, koma onani. Sindikuti mutseke. Sunthirani baraka kumsewu, koluna ipite nayo, ndipo kukalipa kuzithera komweko."

"Sindisuntha kanthu. Pano ndi panga."

"Chabwino."

A Rufina analowa m'nyumba. Anamasula neti, anapinda mphasa ndi bulangete, anaika mankhwala a ku posto m'kathumba. Atatuluka anamanga zonse pa njinga.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Gracinda, ataimirira.

"Ku Lifidzi, kwa achimwene anga a Josias. Kumeneko usiku kumalira nkhululu zokha. Ukwati sindinauthe, ndinalumbira pamaso pa Mulungu. Nyemba zanga ndizibwera kudzapalira. Koma mwana uyu sagonanso kuseri kwa khoma ilo."

"Anthu adzati wathawa chifukwa cha manyazi!"

"Anene. Pakamwa pawo sipakulitsa mwana wanga."

A Sérgio anaima ndi botolo m'manja. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma anaona maso a mwana wawo akusuzumira kuseri kwa chitenje, ndipo anaika botolo lija pansi.

A Rufina anabereka Mónica. Anali wopepuka kwambiri kwa mwana wa zaka zinayi, ndipo kupepukako kunawalimbitsa miyendo. Anakankha njinga kukwera chitunda, akung'ung'udza nyimbo ya ku Misa ya m'mawa uja. Asanafike pa minda ya kachewere, mutu wa mwana unagwera pa phewa lawo, ndipo anachepetsa liwiro kuti mabampu asamudzutse.