Kalata ya Chingwe Chachifupi

Anthu ankawatchulabe kuti a Kalaliki, ngakhale kuti panali patatha zaka zitatu chiwachotsereni ntchito ku ofesi. Tsopano anali atapeza ina, yoyang'anira holo yobwereketsa kwa anthu amisonkhano. Ankatsegula zitseko, kuyala mipando, ndi kuyatsa pulojekita yomwe inamangiriridwa kudenga pakati pa holoyo. Mwini holo, mayi wosakonda zolankhulalankhula, anali atawauza kuti awayesa kaye miyezi itatu.

Mwezi wachiwiri, chingwe cholumikiza pulojekita ndi kompyuta ya wolankhula chinayamba kuvuta. Chithunzi chinkangothimathima. A Kalaliki anakwera makwerero n'kuyeza ndi tepi kuyambira pa pulojekita, kutsata denga, kutsika ndi khoma mpaka pa tebulo la kutsogolo. Anapeza mamita khumi ndi atatu.

"Gulani cha mamita khumi ndi asanu," anatero mayiwo. "Mawa tili ndi anthu a bungwe lalikulu. Akasangalala azibwera mwezi uliwonse."

Kusitolo ya zamagetsi anapeza mtsikana wogulitsa ali pa foni. Anamuuza kuti akufuna chingwe cha HDMI cha mamita khumi ndi asanu. Iye anatola paketi pashelefu, n'kuloza nambala yaikulu 15 pakona, foni ikadali pakhutu. Pafupi ndi nambalayo panali timalemba ting'onoting'ono, koma kwa a Kalaliki tinkaoneka ngati utsi. Chaka chonse maso awo anali akuchita nkhungu, ndipo sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wawerenga, n'kulipira.

M'mawa mwake anadula pulasitiki ya paketi ija ndi lumo, nakwera makwerero. Chingwe chinathera m'malere, khoma chisanalifike n'komwe. Anachikoka ngati chingatanuke. Chakale chija anali atachizula kale, ndipo atachibwezera sichinaonetsenso kanthu. Sitolo inali isanatsegule, alendo anali atayamba kulowa.

Anakokera tebulo pakati pa holo, pansi pa pulojekita, chingwe chikulendewera kuchokera kudenga. Wolankhula anaima pamenepo tsiku lonse, theka la anthu akumuona kumsana. Masana munthu wina anakola chingwecho ndi chikwama, kompyuta n'kutsala pang'ono kugwa. Anthu a bungwe aja anatsanzika mwaulemu, osatchulanso za mwezi wamawa.

Mwini holo sanakweze mawu. "Mukabweze chinthuchi, ndalama yanga ibwere. Zina tikambirana."

Kusitoloko mtsikana uja anatembenuza paketi. "Ichi ndi cha mafiti khumi ndi asanu, bambo. Sichikwana ndi mamita asanu omwe."

"Koma ine ndinanena mamita."

"Zimenezo sindikukumbuka. Ndiponso mwatsegula. Katundu wotsegula sitilandira, pokhapokha akhale wowonongeka. Lembani kalata kwa amanijala, muphatikize lisiti."

Kunyumba anakhala patebulo ndi pepala. Munthu amene analemba makalata a ofesi kwa zaka makumi awiri analemba mizere iwiri yokha, wachiwiri utakwera pa woyamba. Akazi awo, omwe ankasoka zovala pakhonde, analowa kudzatenga ulusi n'kusuzumira.

"Mwayamba kulemba ngati nkhuku ikupalasa bwanji, bambo a mwana?"

"Dzanja latopa. Tandilembereni, ine ndizinena."

Anawafotokozera za mafiti aja. "Mafiti?" anatero mayiwo akukoka mpando. "Afiti ndi iwowo." Anaseka okha, kenako analemba zimene amuna awo ankanena.

"Kwa Amanijala. Lachiwiri lapitali ndinagula m'sitolo mwanu chingwe cha HDMI. Ndinapempha momveka bwino cha mamita khumi ndi asanu, koma wogulitsa wanu anandipatsa cha mafiti khumi ndi asanu. Ndinazindikira nditatsegula kale paketi, chifukwa chili chokulungidwa sichioneka kutalika kwake. Chingwecho chili bwinobwino. Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama yonse, popeza kulakwitsa kunachitikira pakauntala panu. Ndaphatikiza kope ya lisiti. Ndalamayi si yanga, ndi ya abwana anga, ndipo ntchito yanga yatsamira pa yankho lanu."

"Mzere womalizawu tiuchotse," anatero mayiwo. "Mukudzivula pagulu."

"Usiyeni. Ndi wokhawo umene angaumve."

Anakasiya kalatayo pakauntala. Sabata yonse ankadzera kusitoloko pochokera kuntchito. Tsiku lina amanijala ali ku msonkhano, tsiku lina angotuluka kumene. Kuholo mwini wake anatuma munthu wina kukagula chingwe choyenera, ndipo amene anakwera makwerero anali munthuyo, a Kalaliki akugwirira pansi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anawalowetsa. Akazi awo anali atakakamira kuwaperekeza. Kaofesi ka amanijala kanali kuseri kwa mashelefu, kodzaza makatoni, mpando wa mlendo umodzi wokha. Bamboyo anali wofatsa, kalata ili patsogolo pake.

"Kalata yabwino, achikulire. Masiku ano anthu salembanso chonchi. Koma mtsikana wanga akuti anakuonetsani paketi musanalipire. Zoona?"

"Anandionetsa."

"Ndiye tawerengani apa." Anawakankhira paketi, chala chili pakona.

A Kalaliki anaiyandikitsa kumaso, kenako anaitalikitsa. Anapendekera ku kuwala kwa zenera.

"Khumi ndi zisanu," anatero.

"Pambali pakepo?"

Akazi awo anayang'ana paketi, timalemba tiwiri tosonyeza mafiti tikuoneka bwinobwino, kenako anayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

Amanijala anatsokomola. "Pepani. Lisiti langolemba nambala ya katundu, ndipo katundu wake ndi yemweyu. Amene ananena chiyani pakauntala, ine kunalibe. Ndalama sindingabweze. Chimene ndingachite n'kuchilandira pa theka la mtengo, ngati mukugula chachitalicho."

"Chachitali abwana anga anagula kale kwina."

"Ndiye manja anga ndi omangika."

Atatuluka anayenda mpaka pamalo okwerera basi. Pamenepo mayiwo anafunsa, osawayang'ana, "Zinayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chonse! Ine ndikumakunyozani kuti mukundidutsa pamsewu osandipatsa moni, ndiye kuti simumandiona?"

"Ndimaopa. Munthu wa msinkhu wanga, wamaso akufa, amulemba ndani?"

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Basi inabwera, nambala yake anawerenga ndi mayiwo.

Mawa lake a Kalaliki anakafotokoza zonse kwa mwini holo, za maso zomwe. Anaona kuti kunama kwawatopetsa. Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Mukanandiuza poyamba, bwenzi nditatuma wina kusitolo," anatero. "Za ndalamayo iwalani. Koma munthu wosaona bwino sindingamamukweze makwerero. Mukagwa ndidzati chiyani kwa akazi anu? Mumalize sabata ino."

Loweruka anapereka makiyi. Akazi awo anapita kuchipatala cha maso kukawalembetsa, ndipo anabwerako ndi kapepala ka tsiku lokaonana ndi dokotala, miyezi inayi kutsogolo. Anawawerengera tsikulo kawiri. A Kalaliki anati amva, n'kutulutsa mpando pakhonde, pafupi ndi makina osokera. Mnansi wina anadutsa n'kufunsa ngati ali pa tchuthi.

"Eya," anatero. "Tikupumako."